Amayi a ku Kalingalinga anamva, koma anayankha chiyani?

M'buku la nthano la Binwell Sinyangwe lotchedwa A Cowrie of Hope, lomwe linatuluka mu 2000, muli kachigawo kakafupi kamene nkhani yonse yatsamirapo. Nasula, mayi wamasiye wa m'boma la Mbala, akukumbukira masiku amene ankakhala ndi mwamuna wake m'komboni ya Kalingalinga mu Lusaka. Kumeneko kunkabwera atsikana ophunzira, a ntchito za m'maofesi, kudzayankhula ndi amayi a m'komboni za ufulu wa munthu wamkazi. Mawu awo anamulowa Nasula mpaka m'mafupa, ndipo kuyambira pamenepo anatsimikiza kuti mwana wake Sula adzaphunzira, zivute zitani. Owerenga ambiri amachikonda chigawochi, ndipo sakulakwa. Koma tiyeni tiime pang'ono pabwalo limenelo. Patsikulo panali magulu awiri a akazi. Ena anaimirira n'kumayankhula, ena anakhala pansi n'kumamvetsera. Zimene oimirirawo anabweretsa tazimva. Nanga okhala pansiwo anati chiyani? Kodi panalibe wogulitsa tomato amene anafunsa kuti ufuluwo amugulira ufa? Kodi panalibe mlangizi amene anatsutsa, kapena mayi wa lendi amene anali kale ndi nyumba yakeyake? Bukulo latisiya ndi mtima wa mayi mmodzi, ndipo anzake onse angokhala khamu.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Maganizo a buku pa udindo wa mwamuna ndi wa mkazi sapezeka kwenikweni m'mawu okoma amene anthu a m'nkhani amanena. Amapezeka m'mamangidwe a nkhaniyo: maso amene tikuonera, dzanja limene likumasula mfundo pamapeto, ndi anthu amene alipo koma sanapatsidwe pakamwa. Pachifukwa ichi buku likhoza kuima kumbali ya mkazi ndi mtima wonse, komabe n'kusiya akazi ambiri kunja kwa mpanda. Mfumu yodziwa kuweruza, ikamva mbali zonse, imafunsanso kuti kodi pali mboni imene sinaitanidwe. Wowerenga wakhama ayenera kuchita chimodzimodzi, ndipo buku la Sinyangwe ndi malo abwino ophunzirirapo luso limeneli, chifukwa ndi buku labwino lomwe lingapirire mafunso olimba.

Nkhani yake mwachidule

Nasula, dzina lake lenileni Belita Bowa, sanapite kusukulu ndipo sadziwa kuwerenga. Mwamuna wake, Winelo Chiswebe, ankamunyoza ali moyo. Atamwalira, abale ake analanda katundu, nyumba ya ku Kalingalinga inapita, ndipo Nasula anapezeka panja ndi mwana. Anakana kulowedwa chokolo ndi mlamu wake Isaki, n'kubwerera kumudzi ku Swelini kukalima. Nkhani ikuyamba m'zaka za m'ma 1990, Sula atakhoza mayeso a giredi 9 n'kupeza malo kusekondale ya atsikana ku Kasama. Pakufunika K100,000 ya nthawi imeneyo, ndalama isanadulidwe maziro atatu mu 2013. Nasula apita kwa apongozi kukapempha, koma apeza chuma chawo chitatha ndipo Isaki akudwala matenda osachiritsika. Mnzake Nalukwi amupatsa nzeru yoti thumba lake la nyemba za ku Mbala likagulitsidwe ku Lusaka, kumene lingapeze K120,000. Pamsika wa Kamwala, munthu wovala bwino dzina lake Gode Silavwe atenga thumbalo n'kuzimiririka osalipira. Nasula, m'malo mobwerera kumudzi chimanjamanja, amusakasaka mumzinda kwa masiku, amupeza, n'kukakamira pagalimoto yake. Wapolisi woyamba alandira ziphuphu n'kumumasula wakubayo. Nasula akwera masitepe mpaka kwa mkulu wa apolisi, Samson Luhila, amene akakamiza Gode kulipira K150,000.

Tisanafunse chimene chikusowa, tivomereze chimene chilipo, pakuti wowerenga wongofuna zolakwa ndi wosaona ngati wongoyamikira. Funso loyamba pa buku lililonse ndi lakuti tikuonera m'maso mwa ndani. Pano yankho ndi lomveka: kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza tili m'mutu mwa mayi wosauka, wakumudzi, wosaphunzira. Njala yake timaimva, manyazi ake pamaso pa apongozi timawamva, ndipo kuwerengera kwake kwa ndalama usiku timawerengera naye limodzi. Zaka zimene nkhaniyi ikunena zinali zowawa m'Zambia. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, thandizo la pamtengo wa ufa ndi feteleza linachotsedwa, makampani a boma anagulitsidwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, chilala cha 1992 chinapsereza minda, ndipo Edzi inkadzaza manda. Nkhani za nthawi imeneyo zimakambidwa kawirikawiri ndi akatswiri a zachuma komanso amuna amene anataya ntchito kumigodi. Sinyangwe, mwamuna amene anaphunzira za chuma, anasankha kuyeza zaka zimenezo ndi thumba limodzi la nyemba la mayi wamasiye. Chisankho chimenecho n'chachikulu, ndipo kukana chokolo kwa Nasula bukulo likukuonetsa ngati ulemu, osati mwano.

Dzanja lomasula mfundo

Funso lachiwiri ndi limene limaulula zambiri: nkhani ikafika pothina, ndani ali ndi mphamvu yoimasula? Njira yosavuta yoyankhira ndi kutenga pepala n'kulemba malo onse amene moyo wa munthu wamkulu wa m'nkhani ukukhotera, kenaka pambali pa malo alionse kulemba dzina la amene wachititsa. Tikachita zimenezi ndi Nasula, mndandanda ukutuluka motere. Amene anamusiya pamavuto ndi Winelo. Amene analanda katundu ndi apongozi aamuna ndi Isaki. Amene anaba nyemba ndi Gode. Amene anagulitsa chilungamo ndi wapolisi wamwamuna. Amene anabweza chilungamocho ndi Luhila, mwamunanso. Kumbali ya Nasula tikulemba mawu monga kukana, kulima, kuyenda, kupempha, kusakasaka, kukakamira. Onsewa ndi mawu a munthu wolimba mtima, koma palibe ngakhale limodzi la kugamula. M'dziko la bukuli mkazi amapirira ndi kukankha chitseko, pamene mwamuna ndiye asunga kiyi, kaya ndi woipa kaya ndi wabwino.

Apa ndi pamene wowerenga ayenera kufunsa kuti, bwanji Luhila akanakhala kuti kulibe tsiku limenelo, kapena akanakhala wa mtima ngati wa wapolisi woyamba uja? Kulimba mtima konse kwa Nasula kukanathera pabwalo la polisi, ndipo Sula sakanapita ku Kasama. Choncho chimwemwe cha pamapeto chakhazikika pa mwayi wokumana ndi bwana wachilungamo. Onaninso chimene chabwezedwa ndi chimene sichinabwezedwe. Mtengo wa nyemba wabwera, ndi kapamwamba. Nyumba ya ku Kalingalinga, yomwe inali kuba kwakukulu koposa, palibe amene waibweza, ndipo nkhaniyo sikuitenga ngati mlandu woti n'kutsegulidwanso. Apongozi alangidwa ndi umphawi ndi matenda, ngati kuti tsoka ndilo khoti la amasiye. Komatu m'Zambia muli lamulo la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, lomwe limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira womwalirayo, komanso limateteza wamasiye ndi ana pa nyumba imene ankakhalamo. Kaya Winelo anafa lamulolo lisanabwere kaya litabwera, mtsikana wa ku Chawama amene akuwerenga bukuli lero ayenera kuona kuti wakuba wa pamsika anagwidwa, koma akuba a m'banja anasiyidwa m'manja mwa Mulungu. Mmenemo muli chiphunzitso chobisika chokhudza milandu imene mkazi angaitengere kubwalo ndi imene ayenera kungoimeza.

Sara Longwe, mayi wa ku Zambia womenyera ufulu wa akazi amene anapambana mlandu wotsutsana ndi hotela ya Intercontinental mu 1992 atakanizidwa kulowa m'bala chifukwa analibe mwamuna pambali, anakonza makwerero asanu oyezera mphamvu za akazi. Pansi pali kulandira zofunika pa moyo, kenaka mwayi wofikira zinthu monga sukulu ndi ngongole, kenaka kuzindikira kuti kuponderezedwa si chibadwa, kenaka kukhala nawo pomanga mfundo, ndipo pamwamba pali ulamuliro. Makwererowa anawapangira ntchito za chitukuko, koma amathandizanso powerenga nthano. Nasula wafika pa kuzindikira, ndipo wamenyera mwana wake mwayi wa sukulu. Makwerero awiri apamwamba bukulo silinamukwezepo, ndipo palibe mkazi wina m'nkhanimo amene tikumuona ataimapo, kupatula atsikana a m'maofesi aja amene anangodutsa ngati mthunzi.

Khamu lopanda mayina

Funso lachitatu likutibwezera ku Kalingalinga. Mawu osowa m'buku si a anthu onse amene sanatchulidwe, pakuti amenewo ndi osawerengeka. Mawu osowa ndi a anthu amene nkhaniyo yawaika pabwalo, ikuwagwiritsa ntchito, koma sikuwalola kuyankha. Amayi a m'komboni ali m'gulu limeneli. Iwo ndi amene anasonkhana kuti atsikana ophunzira akhale ndi owauza. Iwo ndi amene anali pafupi pamene katundu wa Nasula ankatulutsidwa m'nyumba. Anzawo a pamsika ndi amene adzaza malo amene nyembazo zinabedwera. Koma nzeru ya ufulu m'bukuli ikuchokera kunja kwa komboni, itavala zovala za muofesi, ndipo komboniyo yangokhala malo amene munthu amavutikiramo kapena kuthawamo.

Kuti tione kukula kwa dzenje limeneli, tiyenera kuika bukulo pambali pa mbiri ya makomboniwo. Lusaka atakhala likulu mu 1935, atsamunda ankauona mzinda ngati malo a mwamuna wogwira ntchito, ndipo nyumba inkabwera ndi ntchitoyo. Mkazi ankayembekezeka kutsala kumudzi. Lamulo la nyumba la 1948 ndi limene linatsegula njira ya nyumba za mabanja, ndipo Matero anamangidwa m'zaka zotsatira. Amene analibe ntchito yolembedwa, kuphatikizapo akazi ambiri, anadzimangira okha pa malo a eni mafamu ndi makontrakitala, n'chifukwa chake makomboni ena ali ndi mayina a anthu monga George, John Laing ndi John Howard. Lamulo la 1974 linalola kuti makomboni otere avomerezedwe ndi kukonzedwa m'malo mogwetsedwa, ndipo George ndi Chawama anali m'gulu loyamba. Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kafukufuku ku Mtendere mu 1971 n'kulemba buku la Keeping House in Lusaka mu 1997, ndi Ann Schlyter, amene anatsatira komboni ya George kwa zaka makumi angapo, analemba za akazi ochita malonda ang'onoang'ono, ofulula mowa, obwereketsa zipinda, ndi otsogolera mabanja okha. Aliyense wodziwa Kanyama kapena Mtendere amadziwanso chilimba, chimene amayi amasonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, amadziwa magulu a amayi a mpingo, amadziwa amene amaphika ndi kugona pamaliro, ndi alangizi amene mawu awo amamanga kapena kumasula mabanja.

Amayi amenewa sanadikire mlendo kuti adziwe kuti mkazi wopanda ndalama yake ali pangozi. Ena a iwo akanagwirizana ndi atsikana a m'maofesi, ena akanawatsutsa, ndipo ena, tisabise, ndi omwe amaphunzitsa mkwatibwi kuti apirire chilichonse. Mkangano wa udindo wa mkazi umachitika pakati pa akazi enieniwo, pampopi ndi pakantemba, ndipo ndi mkangano umenewo umene bukulo latimana. Zoona, Nalukwi alipo, ndipo ubwenzi wake ndi Nasula ndi umodzi mwa mizati ya nkhaniyi: ndiye wodziwa mitengo, ndiye wolimbikitsa. Koma pa ola lalikulu Nasula ali yekha, ndipo mbiri imene tikutsala nayo ndi ya mkazi mmodzi wodabwitsa pakati pa mzinda wosasamala. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma nthano zambiri zokweza mkazi zimakonda kumusenzetsa denga yekha kuti tizimugomera. Vuto la chithunzi chotere ndi lakuti chimayamikira wapaderayo n'kusiya funso loipa m'mutu mwa wowerenga: ngati Nasula anatha, enawo analephereranji?

Palinso Sula. Ulendo wonsewu ndi wa iye, koma ndi munthu amene timamudziwa pang'ono. Amayankhula apa ndi apo, ndipo timamuona ali wanzeru, womvera, wopirira chitonzo cha anzake. Chimene akufuna iye mwini, chimene chimamuopsa, ngati nthawi zina amalemedwa ndi kukhala chiyembekezo chokha cha mayi ake, sitikulowamo. Dzina la bukuli likunena za iye, ndipo likumufanizira ndi kachigoba ka m'nyanja kamene kale kankakongoletsa anthu komanso kankagwira ntchito ngati ndalama m'madera ambiri a Afirika. Ndi dzina lachikondi, komabe wowerenga watcheru angaone kuti mtsikanayo watchedwa ndi dzina la chinthu chosungidwa ndi kuyembekezeredwa phindu. Mtsikana woyenera kumenyeredwa nkhondo m'bukuli ndi wopanda banga. Nanga amene analephera giredi 9, kapena amene anatenga pakati, kapena amene akugulitsa madzi ozizira pa siteshoni ya basi? Sukulu ikakhala khomo lokhalo la ulemu, amene khomolo lawatsekekera amasowa nkhani.

Zimene otsutsa anganene

Wina angati buku ndi laling'ono, silingasenze anthu onse, ndipo kudzudzula mlembi chifukwa cha zimene sanalembe n'kupanda chilungamo. Mbali yoyamba ya mawuwa ndi yoona. Mphamvu ya A Cowrie of Hope ili m'kuchepa kwake komweko: mayi mmodzi, thumba limodzi, cholinga chimodzi. Kuthiramo anthu makumi awiri kukanaisungunula. Koma kufunsa za mawu osowa si kulamula mlembi kuti alembe buku lina. Ndi kuzindikira mtengo wa chisankho chake, kuti tisatenge zenera limodzi ngati nyumba yonse. Ndiponso kusowa kwina kumangochitika, kwina kumakhala ndi kachitidwe. Njira yosiyanitsira ndi kuona ngati osowawo ali a mtundu umodzi nthawi zonse. Pamene ophunzira akuyankhula ndipo osaphunzira akumvetsera, pamene aamuna akugamula ndipo akazi akuchonderera, ndipo izi zikubwerezeka pa mphambano iliyonse ya nkhani, sitinganene kuti ndi kuchepa kwa masamba chabe.

Wina angati Sinyangwe anangolemba zoona: m'zaka zimenezo akuluakulu a polisi ambiri anali amuna, ndipo kuika mkazi pampando wa Luhila kukanakhala kunamiza anthu. Ichi ndi chitsutso cholemera, ndipo chikutiphunzitsa kusiyanitsa pakati pa buku loonetsa chinthu ndi buku lovomereza chinthucho. Kuonetsa dziko lolamulidwa ndi amuna si mlandu, mwina ndi ntchito yeniyeni ya mlembi. Choti tione ndi mmene nkhaniyo ikufuna kuti timve pamapeto. Ngati tikutseka buku tili ndi nkhawa yoti chilungamo chinapachikika pa ulusi umodzi, ndiye kuti bukulo laulula vutolo. Ngati tikutseka tili okhutira kuti dongosolo lili bwino bola pampando pakhale munthu wabwino, ndiye kuti latigoneka tulo. Mapeto a bukuli akupendekera ku mpumulo, ndipo wowerenga amene wayenda ndi Nasula mtunda wonsewo amaulandira ndi manja awiri. Komanso zoona za nthawi imeneyo sizinali ku polisi kokha. Chilimba, mpingo ndi komiti ya pamsika zinalinso zoona, ndipo mlembi ndi amene anasankha choonadi choti chilowe.

Ena amati kawerengedwe kotere ndi ka kunja, kobwera ndi mabungwe, ndipo kamawononga kukoma kwa nthano. Koma mu Lusaka momwemu, mu 1990, Sara Longwe ndi Roy Clarke anatulutsa buku lofufuza mmene nyimbo zotchuka za ku Zambia zimaikira mkazi pamalo ake, lotchedwa Woman Know Your Place. Ngakhale iwo asanalembe, amayi ankachita kale ntchitoyi ndi nyimbo za pamtondo, mmene mkazi amayankhira nkhani imene yakambidwa za iye popanda iye. Kufunsa kuti mbali inayo ikuti chiyani ndi mwambo wa pabwalo la mfumu, sikuti tinauphunzira m'kalasi. Za kukoma kwa nthano, amene waona kuti nyumba ya ku Kalingalinga sinabwezedwe sasiya kukondwera pamene Nasula akulandira ndalama zake. Chimwemwe chake chimangokhala cha munthu wamkulu, wodziwa chimene chapezeka ndi chimene chatayika.

Mkazi akalemba, kodi nkhani yatha?

Chitsutso chomaliza chimachokera mbali ina: vuto ndi lakuti mlembiyo ndi mwamuna, ndipo mkazi akagwira cholembera dzenjelo limatsekeka. Kalingalinga yemweyo akutipatsa poyesera. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, anatulutsa The Old Drift mu 2019, buku lalikulu limene linapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. Analigawa m'mibadwo itatu, agogo aakazi, amayi ndi ana, ndipo mwa anthu 9 amene mitu yatchedwa mayina awo, 7 ndi akazi. Kalingalinga m'bukuli si pongodutsa. Matha, amene Serpell anamuumba kuchokera kwa mtsikana weniweni wa gulu la Edward Mukuka Nkoloso lofuna kupita kumwezi mu 1964, akukhala m'komboniyi. Mwana wake Sylvia akugulitsa thupi, kenaka akutsegula saluni ndi mnzake Loveness, ndipo dokotala Lionel Banda akugwiritsa ntchito matupi a akazi a pamenepo pofufuza katemera. Apa akazi a m'komboni ali ndi mayina, malonda, nsanje, zilakolako ndi zolakwa. Sali oyera ngati Sula, ndipo m'menemo muli ulemu wina, ulemu woonedwa ngati munthu wathunthu.

Komabe mafunso atatu aja sapuma chifukwa mlembi ndi mkazi. Matha, mtsikana wanzeru zakuthwa ndi wandale, akutha zaka makumi akungolira chibwenzi chake chitatha, mawu ake atauma. Wowerenga ayenera kulimbana nacho chithunzichi: kodi chikuulula mmene dziko latsopano linatayira akazi amene analimenyera, kapena chikubwereza nthano yakale ya mkazi wosweka chifukwa cha mwamuna? Mayankho onse awiri ali ndi umboni, ndipo kukangana pa iwo ndiko kuwerenga. Grace, wantchito wa m'nyumba amene akusamalira Agnes, mmodzi wa agogo aakazi aja, kwa zaka zambiri, alibe mutu wotchedwa dzina lake, ngakhale kuti m'mawa uliwonse misewu yochokera ku Kalingalinga ndi ku Mtendere imadzaza ndi akazi onga iye opita kukagwira ntchito ku Kabulonga ndi madera ena a opeza bwino. Choncho kusowa kwa mawu kumatsata mizere yambiri, ya chuma, ya sukulu, ya msinkhu, osati ya umuna ndi ukazi yokha. Dzina la mlembi pachikuto silitichotsera ntchito yowerenga.

Pali kusowa kumodzi kumene mabuku awiriwa akugawana, ndipo ndi kwakukulu kuposa kwina konse. Onse analembedwa m'Chingerezi. Nasula, ngakhale akanaphunzira kuwerenga chinenero cha kwawo ku Mbala, sakanatha kuwerenga buku lonena za iye. Amayi a ku Kanyama ndi ku George amakangana, amatamanda ndi kutukwana m'Chinyanja cha mutauni chosakanizika ndi Chibemba, ndipo nthabwala zawo, ulemu wawo ndi mbola ya mawu awo zimafika patsamba zitasefedwa kale. Izi sizichotsa phindu la mabukuwa, amene Chingerezi chawafikitsa kutali. Zikungotikumbutsa kuti pakati pa mayi wa pamsika ndi wowerenga pali womasulira, ndipo wowerenga wodziwa chinenero cha komboni ali ndi mwayi umene pulofesa wakunja alibe: angamve pamene mawu a m'buku akumveka ngati a munthu weniweni, ndi pamene akumveka ngati a mlembi atavala chitenje.

Mphunzitsi wa sekondale ku Matero kapena ku Chawama amene ali ndi bukuli m'manja sakufunika zida zambiri. Ophunzira alembe mphambano za nkhani ndi dzina la wogamula pa iliyonse. Awerenge akazi amene ali ndi mayina ndi amene angotchedwa gulu. Kenaka abwerere ku msonkhano wa ku Kalingalinga uja, aliyense asankhe mayi mmodzi mwa okhala pansi, alembe chimene akanayankha, m'chinenero chimene mayiyo akanayankhulira. Ambiri mwa ophunzirawo sadzavutika kumupeza mayi ameneyo, pakuti ndi amene anawalipirira fizi ndi ndalama ya chilimba. A Cowrie of Hope ndi buku loyenera kuwerengedwa m'nyumba iliyonse, ndipo linapatsa mayi wamasiye malo amene mabuku ambiri anam'mana. Koma linaitana mboni imodzi pa mlandu wa anthu ambiri. Inu amene mukuwerenga, mukamaliza kumva Nasula, funsani za anzake amene anakhala naye pansi tsiku lija, ndipo ngati mumawadziwa, lembani zimene ananena.